Chofiira ndi chobiriwira zikatuwa mofanana papepala

Masiku ano ndikuphunzira kusindikiza malipoti okhala ndi matchati pa purinta ya tona yakuda yokha, ndipo chomwe chanditsegula maso n'chakuti makinawa salabadira mtundu wa utoto. Amangoona kuti utotowo ukuwala bwanji kapena wada bwanji.

Pa kompyuta mtundu uliwonse umapangidwa ndi manambala atatu, R ya kufiira, G ya kubiriwira ndi B ya buluu, iliyonse kuyambira 0 mpaka 255. Njira imodzi yodziwika yowerengera kutuwa kwake ndi iyi:

```
Y = 0.299R + 0.587G + 0.114B
```

Yankho likakhala 0 ndiye chakuda bii, likakhala 255 ndiye choyera mbee. Tiyerekeze tchati cha mizati iwiri, ndalama zolowa zobiriwira (0, 128, 0) ndi zotuluka zofiira (255, 0, 0). Pa sikirini palibe angazisokoneze. Koma mukawerengera, chobiriwiracho chikupereka 75, chofiira 76. Papepala mizatiyo ituluka ngati mapasa, ndipo kabokosi kofotokoza mitundu kaja kangokhala kokongoletsa. Mapurinta amasiyana pang'ono kawerengedwe kake, koma vutoli silichoka.

Choncho chofunika ndi kutalikitsa manambalawo. Chofiira ndinachisiya, chobiriwira n'kuchisintha kukhala chowala (146, 208, 80), chomwe chikupereka pafupifupi 175. Tsopano mzati wina ndi woderapo, wina wotuwa mowala, ndipo diso silivutika.

Apa mpomwe kupulumutsa tona kumabweretsa mlandu wina. Mukasankha `Toner Save` kapena `EconoMode`, malinga ndi purinta yanu, makina amathira tona wochepa ndipo tsamba lonse limafwifwa. Chakuda chimawerengekabe, koma zowala zimayandikira kuyera kwa pepala. Chachikasu (255, 255, 0) chili kale pa 226, ndiye chikafwifwanso chimangotsala pang'ono kuzimiririka. Timizere topyapyala ta 0.25 pt nato timatuluka modukaduka. N'chifukwa chake mzati wowala ndimauzunguliza ndi mzere wakuda wa 1 pt, kuti ngakhale m'kati mufwifwe, kutalika kwake kuonekebe.

Mizati ikapitirira itatu, ine ndimaona kuti kudalira kutuwa kokha n'kudzivutitsa chabe. Mu Excel, pa `Format Data Series`, pali `Pattern fill` yomwe imadzaza mzati ndi timadontho kapena mizere yopendekeka. Musasankhe timadontho tothithikana kwambiri, chifukwa papepala timangosakanikirana n'kukhala kutuwa komwe mukuthawako. Pa tchati cha mizere, `Dash type` imapanga wina kukhala wodukizadukiza, wina wathunthu. Dzina la mzere uliwonse mulilembe kumapeto kwa mzerewo, owerenga asamachite kufananiza ndi kabokosi kapambali.

Musanasindikize lipoti lonse, yatsani `Grayscale` pa `Color filters` mu Windows kuti muone zomwe zafanana. Koma sikirini singakuonetseni kufwifwa kwa tona, ndiye tsamba la tchatilo litulutseni lokha kaye, zopulumutsa tona zili zoyatsa.