Ufa umene unafika kawiri

Lolemba masana, pa 30 Okutobala 2023, mayi wina wa ku Bradford anaimba foni kusitolo kwathu ku Leeds, ku Britain, akuseka mpaka kutsamwa. Anaitanitsa matumba khumi a ufa a pachinkhoswe cha mwana wake, koma galimoto inamutsitsira makumi awiri. "Achimwene, kodi mwamva kuti akuchimuna akubwera ndi mudzi wonse?" Ndisanayankhe, foni ina inalira. Bambo wina anali atalandira makatoni awiri a kapenta, ndipo ankangofuna kumva ngati inayo inali basela.

Abwana sanaseke. Anandiyang'ana ine, chifukwa pasitolopo aliyense wodziwa kuyatsa pulinta amatchedwa katswiri wa makompyuta, ndipo katswiriyo ndinali ine.

Ntchito yathu imayenda chonchi. Anthu amagula pa intaneti tsiku lonse, ndipo usiku kapulogalamu kena kamatola maoda onse a dzulo n'kuwatumiza kunyumba yosungira katundu, komwe amalongedza ndi kutumiza kwa ogula. Kapulogalamuka ndinakapeza kalipo kale. Miniti iliyonse kamasuzumira wotchi ya seva, ndipo ikangoti 01:30 kamayamba ntchito. Sevayo inali pa nthawi ya `Europe/London`.

Ndinatsegula kaundula wa zimene kanachita, ndipo tsiku la Lamlungu, pa 29 Okutobala, linali ndi mizere iwiri yofanana ndendende, yonse ya 01:30. Ndinauza abwana molimba mtima kuti kaundulayo wangolemba kawiri, ntchito inachitika kamodzi. Iwo anafunsa modekha ngati kaundulayo ndi amenenso ananyamula matumba makumi awiri kupita ku Bradford.

Amene anatithandiza ndi alamu a abwana, omwe amatiwerengera ndalama ali ku Blantyre. Kapulogalamuka kakamaliza kamawatumizira imelo. Titawaimbira anati, "Ine ndinalandira maimelo awiri, ina 02:30, ina 03:30. Ndimayesa mwayamba kugwira ntchito usiku wonse kumeneko."

Apa m'pamene mutu unatseguka. Ku Malawi wotchi siisuntha, chaka chonse imakhala maola awiri patsogolo pa UTC, nthawi imene dziko lonse lapansi limayezerapo mawotchi. Ku Britain, Lamlungu lomaliza la Okutobala, ikakwana 02:00 usiku wotchi imabwezedwa pa 01:00. Ndiye ola lonse la pakati pa 01:00 ndi 02:00 limachitika kawiri. Hafu pasiti wani yoyamba inali 00:30 UTC, ku Blantyre 02:30. Yachiwiri inali 01:30 UTC, ku Blantyre 03:30. Kapulogalamu kathu kanaona 01:30, kanatumiza maoda a Loweruka. Patatha ola kanaonanso 01:30, ndipo popeza kanalibe pokumbukira kuti katumiza kale, kanatumizanso mokhulupirika. Kaundula akanakhala kuti amalemba kusiyana kwa nthawi ndi UTC, ndikanaona msanga:

```
2023-10-29 01:30:00 +0100
2023-10-29 01:30:00 +0000
```

Ine amene, usiku umenewo, ndinagona mokoma ndikuyamika Angelezi pondipatsa ola laulere.

Ndinakonza madzulo omwewo. Ndinachita zoti kapulogalamuka kakatumiza maoda, kazilemba detilo m'kafayilo, ndipo kasanayambe kaziyang'ana ngati detilo lalembedwa kale. Likapezeka, kazikhala chete. Ndinayesa kukayendetsa kawiri motsatizana, ulendo wachiwiri kanakana. Ndinauza abwana kuti nkhani ya mawotchi yatha, isadzawasowetsenso tulo. Anandigulira nkhuku ndi chipisi. Mayi wa ku Bradford anagula matumba owonjezerawo pamtengo wotsika, ndipo ndikukhulupirira kuti mpaka lero amatipempherera kuti tilakwitsenso.

Kenako panafika Isitala ya 2024. Loweruka, pa 30 Malichi, maoda anagwa ngati mvula ya mu Januwale. Lolemba linali la tchuthi, choncho palibe anatsegula kaundula. Lachitatu mafoni anayamba, koma ulendo uno panalibe woseka. Bambo wa kapenta uja anafunsa ngati tikubweza ngongole ya Okutobala pomumana ndiwo.

Ndinathamangira ku kaundula ndikuyembekeza kupeza uthenga wa vuto. Munalibe chilichonse. Panali mzere wa pa 30 Malichi, kenako wa pa 1 Epulo, pakati pake mbee. Vuto la kudumphali n'loipa kuposa la kubwereza chifukwa silisiya phazi. Palibe chimene chinalephera, poti palibe chimene chinayamba. Alamu ku Blantyre anaona kuti imelo sinabwere Lamlungu, koma anaganiza kuti tatseka sitolo tapita kutchalitchi.

Lamlungu lomaliza la Malichi, lomwe chaka chimenecho linali pa 31, wotchi ya ku Britain imachoka pa 00:59 n'kulumphira pa 02:00. Tsiku limenelo 01:30 kulibe. Kapulogalamu kanadikira nthawi imene siinabwere, ndipo kafayilo kanga konyaditsa kaja kanali chilili kulondera khomo losalowa munthu. Usiku wotsatira kanadzuka bwinobwino n'kutumiza "maoda a dzulo", kutanthauza a Lamlungu. A Loweruka sanafunsidwenso ndi aliyense.

Mnzanga wina wodziwadi za maseva nditamufotokozera anaseka kaye, kenako anandiuza kuti `cron`, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yake m'maseva a Linux ya mtundu wa Debian, imasamala zimenezi. Wotchi ikasuntha ndi maola osakwana atatu, ntchito ya nthawi yoikika imene yadumphidwa imayendetsedwa pompo, ndipo ya mu ola lobwerezedwa siiyendetsedwa kawiri. Koma si mapulogalamu onse okonza nthawi amene ali ndi nzeru imeneyo, ndipo kathu kongoyang'ana manambala a pawotchi kanalibiretu. Anandionetsanso lamulo loonera masiku amene wotchi idzasunthe:

```
zdump -v Europe/London | grep 2024
```

Ulendo uno ndinasintha zinthu ziwiri. Nthawi yoyambira ndinaiika pa 03:30 UTC, poti UTC siibwerera kapena kulumpha. Zikutanthauza kuti ku Leeds ntchitoyo imachitika 03:30 m'nyengo yozizira ndi 04:30 m'nyengo yotentha, ndipo anthu olongedza amakhala asanafike nthawi zonse ziwirizo. Ku Blantyre imelo imafika 05:30 chaka chonse. Chachiwiri, chomwe ndimachiona chachikulu, ndinachotsa mawu oti "dzulo". Tsopano kapulogalamuka kamasunga nambala ya oda yomaliza imene yatumizidwa, n'kumatola onse obwera pambuyo pake. Kakayenda kawiri, ulendo wachiwiri kamapeza palibe chatsopano. Kakadumpha usiku umodzi, ngakhale chifukwa cha kuzima kwa magetsi, mawa lake kamanyamula a masiku onse awiri.

Abwana anamvetsera zonsezi mwachidwi, n'kufunsa ngati ndikutsimikiza kuti tsopano zatha. Ndinati inde. Anati nkhuku ndi chipisi adzagula mu Novembala, akaona kaye mmene Okutobala adzayendere, ndipo anandipatsa mndandanda wa anthu oti ndiwaimbire kupepesa, bambo wa kapenta ali pamwamba penipeni.