Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Dyute yolipira kale ya ku Cuamba

Chaka cha 2017 chinandipeza ndili ndi kaokala kanga pamsika wa Mangochi Boma, ndikugulitsa mapoto, mafulasiki ndi mbale. Katundu ndinkapikula ku Limbe, koma phindu lake linali longogulira ndiwo. Ndiye malume anga a ku Namwera, amene moyo wawo wonse akhala akuwoloka paboda ya Chiponde ngati akupita kudimba, anandipatsa nambala ya mwenye wina wa holoselo ku Cuamba, m'dziko la Mozambique. Anati mapoto omwewo kumeneko ndi otchipa moti ndikhoza kulira.

Mwini sitoloyo sankadziwa Chichewa. Ndinkalankhula ndi kalaliki wake, mnyamata wa ku Mandimba, tauni ya paboda mbali ya Mozambique, amene ankasakaniza Chinyanja ndi Chiyao. Pa Watsapu ndinamufunsa zinthu ziwiri zokha, ndipo ndinkadziona wochenjera pofunsapo.

"Achimwene, mtengo mwandipatsawu, dyute ili momwemo?"

"Ili momwemo mayi, alifandega, msonkho wa paboda, tinalipira kalekale."

"Nanga thiransipoti?"

"Galimoto ilipo, katundu akupezani."

Ndinasangalala. Katundu yense anali wa mametikashi 30,000, ndipo masiku amenewo osintha ndalama paboda ankagulitsa metikashi imodzi pa K12 kapena kuposera pang'ono. Tingoti K360,000. Ya galimoto anati K40,000. Ndinatenga ndalama yanga yonse, ndikuonjezera ngongole ya ku banki mkhonde, malume n'kukapereka kwa m'bale wake wa mwenyeyo ku Mandimba.

Mnyamata uja sananame ayi, ndipo mpaka lero sindimusungira chakukhosi. Dyute inalipiridwadi, koma inalipiridwa ku boma la Mozambique tsiku limene mapotowo ankalowa m'dziko lawo kuchokera ku China. Imeneyo a MRA pa Chiponde saiwerengera. Katundu akamalowa m'Malawi amayamba moyo watsopano, ndipo msonkho wake umayambiranso pa ziro. Ine ndinkafunsa za dyute ya kwathu, iye ankayankha za dyute ya kwawo, tonse n'kumagwedeza mitu kuti tamvana.

Za galimoto nazo zinali chimodzimodzi. Lachinayi m'mawa dalaivala anaimba kuti wafika, ndibwere ndidzatenge katundu wanga. Ndinatuluka mu okala kuyang'ana kumsewu. Ndinamufunsa kuti waima pati, poganiza kuti mwina ali pa mlatho wa Bakili Muluzi. Anati ali pa Mandimba, ndipo sapitirira. Lole ya ku Mozambique kuti ilowe kuno imafuna mapepala akeake ndi inshuwalansi, ndipo pa makatoni 24 palibe dalaivala angadzivutitse nazo. Kwa iwo "katundu akupezani" ankatanthauza kumalire.

Ndinakwera matola, kukwera mapiri aja a ku Chowe mtima uli m'mwamba, kudutsa Namwera mpaka pa Chiponde. Amene simunafikeko, dziwani kuti geti la Malawi ndi la Mozambique sizinagundizane. Pakati pake pali mtunda wa makilomita angapo, ndipo ndi pamene anyamata a kabaza ndi a njinga zamoto amadyerapo. Makatoni anga ndinawapeza atatsitsidwa pansi pa mtengo wa mango, awiri atanyowa pansi pake, kamnyamata kena katakhalira limodzi kakudya chinangwa. Kuwasenzetsa kufika mbali ya kwathu ndinalipira K12,000.

Apa ndi pamene anandizungulira anthu achifundo. Wina anandikokera pambali.

"Mayi, mukalowa mu ofesimo akumetani. Tipatseni K50,000, usiku uno katundu adutsa njira yathu, mawa mumupeza pa Namwera."

Kunena zoona ndinaganizapo. Koma malume anandigwira mkono n'kunena kuti, "Mwanangu, boda siithera pano. Pamsewu pali marodibuloko, ndipo katoni yopanda pepala ndi ya aliyense waifuna." Anali ataonapo anzawo akulandidwa katundu yense, chindapusa pamwamba.

Tinapeza ajenti wokiliyalitsa katundu, bambo wina wodekha, wovala kofiya yoyera. Anapempha fatura, ndiye kuti invoisi ya kusitolo kuja, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatembenuza poto mmodzi, n'kundionetsa chidindo cha kunsi kwake.

"Mukuona apa mayi? Akanakhala kuti anapangidwa ku Mozambique konko, ndipo muli ndi satifiketi ya SADC yosonyeza kumene katundu wapangidwira, dyute ikanatsika kwambiri, mwinanso osakhalapo. Koma awa angodutsamo mu Mozambique. Ndi a ku China."

Anatenga bolopeni n'kuyamba kulemba kuseri kwa katoni, ndipo masamu amenewo ndinawasunga pamtima ngati nyimbo ya ku sukulu. Msonkho sawerengera pa mtengo wogulira wokha, amaphatikizapo ndalama imene mwalipira kuti katundu afike paboda. Ndiye K360,000 kuonjezera K40,000 ya lole ija, zinakwana K400,000. Dyute ya katundu wangayo inali 25 pa 100 iliyonse, kutanthauza K100,000. Ine ndinapumira m'mwamba poganiza kuti zathera pomwepo. Bambo aja anapukusa mutu. Vati, imene nthawi imeneyo inali 16.5 pa 100, amaiwerengera pamwamba pa zonse, dyute yomwe. Ndiye anaitenga pa K500,000, n'kupeza K82,500. Zonse pamodzi K182,500, osawerengera ya ajentiyo.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti K40,000 ija ndinakakamira ndekha kuti ailembe pa fatura, kuti ndikaonetse amayi a ku banki mkhonde. Ndinafunsa ngati tingaifufute, kapena kulembetsa fatura ina ya mtengo wotsika monga amachitira ena. Ajenti anaseka. Anati maofesala amaona mapoto tsiku ndi tsiku ndipo mitengo yake amaidziwa. Akaona kuti pepala lanama amaika mtengo wawo, ndipo pamenepo mulibenso pakamwa potsutsira.

M'chikwama ndinali ndi K35,000. Katundu anagona paboda masiku anayi, ine ndikugona kwa malume, ndikuimbira aliyense amene ndinamuthandizapo pamaliro. Mlamu wanga wa ku Makawa anagulitsa matumba a usipa mwachangu n'kunditumizira pafoni. Lolemba Fomu 12 inatuluka, ofesala anatsegula makatoni asanu, kuwerenga, kudinda. Ajenti anatenga K20,000, matola okafika ku Boma K18,000. Titamasula, mafulasiki asanu ndi awiri anali ataphwanyika mkati. Mukaigwedeza fulasiki yotero imalira ngati muli mchenga. Panalibe womulipiritsa, chifukwa sitinapangane kuti katundu akasweka panjira ndi mlandu wa yani.

Nditaphatikiza zonse, katundu wa K360,000 anafika pa okala atadya K632,500. Poto amene ndinkamuona ngati wa theka la mtengo wa ku Limbe anangotsikirapo pang'ono, ndipo ngongole ija ndinaibweza miyezi inayi.

Sindinasiye kugula ku Cuamba. Ulendo wachiwiri ndinamulembera kalaliki uja uthenga wautali, malume atakhala pambali. Ndinamuuza kuti andipatse mtengo wa pasitolo pawokha ndi wa galimoto pawokha, atchule dzina la malo amene lole idzatsitsire, anene katundu aliyense kumene anapangidwira, ndiponso alembe kuti chosweka tisanalandirane n'chawo. Za dyute sindinamufunsenso. Ndinatumiza chithunzi cha fatura kwa ajenti uja ndisanalipire kalikonse, iye n'kundiuza msonkho wake tsiku lomwelo.

Kalaliki anayankha patapita masiku awiri, akunena za bwana wake: "Mayi, patarau akuti mwayamba kuvuta." Kenaka anatumiza mitengo, ndipo pansi pake anaonjezera kuti ali ndi mabeseni opangidwa ku Nampula, ngati ndingawafune ndi satifiketi yake. Mabeseni amenewo ndiwo anandifikitsa koyamba ku Cuamba ndi miyendo yanga, nkhani ya gawo lotsatira.