Lachitatu: ndodo yoyenda pa njanji ndi pawa imene dzanja limapereka

Phunziro la m'mawa uno linali la ndodo ya kopa yogonekedwa pa njanji ziwiri zoyendera limodzi, zimene zalumikizidwa ndi rezisita kumapeto kumodzi, pamene mizere ya maginito ikulowa pansi kupyoza malo onse a pakati pa njanjizo. Ophunzira anga a chaka choyamba amaidziwa kale fomula ya voteji imene imabadwa mu ndodo ikamayenda, `emf = BLv`, ndipo ambiri amaitchula msanga asanamve funso lonse. Chimene ndinkafuna lero n'chakuti aone kumene pawa yotenthetsa rezisita ikuchokera, popeza mu seketi imeneyi mulibe batire.

Ndinayamba ndi ndodo yokha, switchi ili yotsegula. Njanji ndinazijambula zoloza kum'mawa, ndodo yagona kuchokera kumpoto kufika kumwera, ndipo mizere ya maginito ikuloza pansi. Ndodo ikamakokedwa kupita kum'mawa, maelekitironi amene ali m'kati mwake amayenda nayo, ndipo chilichonse chokhala ndi chaji chimene chikudula mizere ya maginito chimakankhidwira kumbali. Pamenepa maelekitironi amakankhidwira kumwera, motero nsonga ya kumpoto imasanduka ya pozitivi ndipo ya kumwera imakhala ya negetivi. Kusiyana kwa voteji pakati pa nsonga ziwirizi kumakula mpaka pamene kwayamba kuletsa maelekitironi ena kusunthanso, ndipo pamenepo ndiye kwafika pa `BLv`. Tinatenga mphamvu ya maginito `B = 0.4 T`, mtunda wa pakati pa njanji `L = 0.25 m` ndi liwiro `v = 2 m/s`, ndipo tinapeza `emf = 0.2 V`. Kenaka tinafika pa nambala yomweyo podzera m'lamulo la Michael Faraday, amene anatulukira zimenezi mu 1831. Pa sekondi iliyonse ndodo imasesa malo okwana `0.25 × 2 = 0.5 m²`, choncho fulakisi, kapena kuti kuchuluka kwa mizere ya maginito yodutsa mu seketi, imasintha ndi `0.4 × 0.5 = 0.2 Wb` pa sekondi, imene ndi 0.2 V yomwe ija.

Apa ndinafunsa kuti pamafunika fosi yochuluka bwanji kuti ndodoyo ipitirize kuyenda pa liwiro limenelo, ngati palibe kukhulana kulikonse pa njanji. Ambiri anayamba kuwerengetsera, koma mtsikana wina wokhala kutsogolo anayankha kuti, "Aphunzitsi, ngati switchi ndi yotsegula sipafunika fosi iliyonse, chifukwa mu ndodo simukuyenda karenti." Ananena zoona, ndipo mfundo yonse ya tsikuli inagona pa yankho lakelo. Voteji ilipo pa nsonga za ndodo, koma payokha siilemeretsa ndodo. Chimene chimabweza dzanja ndi karenti, ndipo karenti imayenda pokhapokha seketi itatsekedwa.

Titatseka switchi pa bolodi, tinapatsa seketi yonse rezisitansi ya `R = 0.5 Ω`, kuphatikiza ndodo, njanji ndi rezisita. Karenti inakhala `I = 0.2 / 0.5 = 0.4 A`, ikuyenda mu ndodo kupita kumpoto. Tsopano ndodoyo yasanduka waya wonyamula karenti pakati pa mizere ya maginito, choncho imalandira fosi ya `F = BIL = 0.4 × 0.4 × 0.25 = 0.04 N`. Ophunzira atagwiritsa ntchito lamulo la dzanja lamanzere la Fleming anapeza kuti fosiyo ikuloza kumadzulo, kutsutsana ndi kumene ndodo ikupita. Limeneli ndilo lamulo limene Heinrich Lenz analemba mu 1834, ndipo ndimakonda kuti ophunzira alipeze ndi manja awo m'malo molimva kwa ine. Fosiyo ikadaloza kum'mawa, ndodo ikadawonjezera liwiro yokha, karenti ikadakula, fosi n'kukulanso, ndipo tikadapeza kutentha kosatha popanda wogwira ntchito.

Kuti liwiro lisasinthe, dzanja liyenera kukoka ndi fosi yofanana ndendende ndi yobwezayo, 0.04 N. Pawa imene dzanja likupereka ndi `P = Fv = 0.04 × 2 = 0.08 W`. Ndinawapempha kuti aisiye nambala imeneyi pambali, awerengetsere payokha kutentha kumene kukutuluka mu seketi, ndipo anapeza `I²R = 0.16 × 0.5 = 0.08 W`. Kufanana kumeneku sikunachokere pa kasankhidwe ka manambala, chifukwa zilembo zikalowetsedwa m'malo mwa manambala njira zonse ziwiri zimathera pa `P = B²L²v²/R`. Ntchito yonse ya dzanja imasanduka kutentha, ndipo palibe gawo limene limachokera kwina.

Mnyamata wina sanakhutire, ndipo anafunsa kuti, "Nanga aphunzitsi, maginito aja sakupereka kanthu? Popeza popanda iwo karenti sipakhala." Funsoli ndinalipatsa nthawi, chifukwa ndi pamene ambiri amasokonekera. Fosi ya maginito pa elekitironi nthawi zonse imapingasa njira imene elekitironiyo ikuyenda, choncho payokha siigwira ntchito. Karenti ikamayenda, elekitironi imakhala ndi mayendedwe awiri, kupita kum'mawa pamodzi ndi ndodo komanso kupita kumwera motsata ndodo. Kuyenda kwa kum'mawa ndiko kumabala fosi yokankha karenti motsata ndodo, pamene kuyenda kwa kumwera kumabala fosi yobweza ndodo kumadzulo. Ntchito imene gawo loyamba limapereka ndi yofanana ndi imene gawo lachiwiri limalanda, motero maginito amangosamutsa zimene dzanja lapereka kuzipititsa ku karenti. N'chifukwa chake maginito a mu jenereta safooka molingana ndi magetsi amene atulutsidwa. Ku Nkula ndi ku Tedzani chimene chimalipira magetsi ndi madzi a mu Shire, ndipo ogwiritsa ntchito magetsi akachuluka pamafunika madzi ambiri kuti makina azungulire pa liwiro lake.

Pa zotsatira za fomulayi tinakhalitsa pa ziwiri. Liwiro likawirikizidwa kufika pa 4 m/s, emf imakhala 0.4 V, karenti 0.8 A, fosi 0.08 N, ndipo pawa imakwera kanayi kufika pa 0.32 W, chifukwa dzanja likukoka ndi fosi yowirikiza pa mtunda wowirikizanso pa sekondi iliyonse. Chachiwiri n'chimene chimadabwitsa ophunzira chaka chilichonse. Ambiri amaganiza kuti rezisitansi yaikulu ndiyo imalemeretsa ndodo, koma zoona n'zosemphana ndi zimenezo. Rezisitansi ikatsitsidwa kufika pa 0.25 Ω liwiro lili 2 m/s, karenti imakwera kufika pa 0.8 A ndipo pawa yofunika imakhala 0.16 W. Ndodo imalemera kwambiri pamene njanji zalumikizidwa ndi waya wokhuthala wopanda rezisita, ndipo imapepuka kotheratu pamene seketi yaduka.

Madzulo ndinapita ku labu kukakonzekera zoyesera za mawa pamodzi ndi bambo amene amasamalira zipangizo. Kumeneko manambala a pa bolodi amachepa kwambiri. Maginito amene tili nawo ndi a pafupifupi 0.05 T, ndipo mizere yake imafika pa gawo la ndodo lotalika masentimita 4 okha. Mu fomula, `L` ndi gawo lokhalo la ndodo limene lili pakati pa njanji komanso m'kati mwa mizere ya maginito, osati kutalika konse kwa ndodo. Pa liwiro la 0.5 m/s timayembekezera `0.05 × 0.04 × 0.5 = 0.001 V`, milivoti imodzi yokha, imenenso imangooneka kanthawi kochepa pamene ndodo ikudutsa pakati pa maginito. Malitimita ya manambala imachedwa kusintha, moti ndodo imadutsa manambala asanakhazikike. Bambowo anatulutsa galivanomita ya singano yokhala ndi ziro pakati, nati, "Aphunzitsi, iyi ndiyo ingawaonetse ana kuti mukabweza ndodo singano imapita mbali inayo." Tinayesa ndipo zinatero, singano inagwa kumanja pokoka, kumanzere pobweza, n'kubwerera pa ziro ndodo itaima ngakhale inali pakati penipeni pa maginito.

Zinthu ziwiri zimasokoneza zoyeserazi, ndipo chilichonse chili ndi chizindikiro chake. Choyamba ndi pamene ndodo yakhudzana ndi njanji. Kopa akakhalitsa amachita dzimbiri lakuda, ndipo rezisitansi ya pamalo okhudzanawo ikhoza kuposa ya waya wonse, komanso imasintha ndodo ikamayenda. Singano ikamadumphadumpha pamene dzanja likukoka mofatsa, vuto lili pamenepo, ndipo mankhwala ake ndi kupala njanji ndi ndodo ndi sandipepa mpaka ziwale. Ndodo ndi njanji ziyeneranso kukhala za kopa kapena aluminiyamu, chifukwa zachitsulo zimakokedwa ndi maginito ndipo chikoka chimenecho chimaphimba fosi imene tikuifuna.

Chachiwiri ndi kukhulana, ndipo ichi chimakhudza ngakhale chitsanzo cha m'mawa chija. Ndodo ya magalamu 50 imalemera 0.49 N, ndipo ngati kukhulana kuli gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemerako, kumabweza ndi fosi ya pafupifupi 0.1 N, yoposa kawiri ya maginito ija ya 0.04 N. Munthu wokoka ndi sikelo ya sipuling'i angawerenge pafupifupi 0.14 N ndi kupeza pawa ya 0.28 W, pamene mu seketi mukutuluka 0.08 W yokha, ndipo yotsalayo ikutenthetsa malo amene ndodo ikukhula njanji. Kuti ziwirizi zilekanitsidwe, ndodo iyenera kukokedwa pa liwiro lomwelo kawiri, koyamba switchi ili yotsegula, kachiwiri ili yotseka, ndipo kusiyana kwa zowerengedwazo ndiko fosi ya maginito. Chizindikiro china n'chakuti kukhulana sikusintha kwambiri liwiro likakwera, pamene fosi ya maginito imakwera molingana ndi liwiro. Ndi maginito athu ofookawa kusiyana kumeneko n'kochepa kwambiri moti sikelo singakuone, choncho mawa tidzangoyesa emf ndi mbali imene karenti ikulowera, ndipo za fosi zidzatsala pa pepala.

Usiku uno ndakonza ntchito yoti akachitire kunyumba, ya zimene zimachitika dzanja likasiya ndodo ili pa 2 m/s popanda kukhulana. Popeza fosi yobweza imachepa pamodzi ndi liwiro, ndodo siima mwadzidzidzi, koma liwiro limatsika motsata `v = v₀e^(−t/τ)`, pamene `τ = mR/(B²L²)`. Ndi ndodo ya 0.05 kg ndi manambala a m'mawa aja, `τ = 2.5 s`, ndipo mtunda wonse umene ndodo ingayende ndi `v₀τ = 5 m`. Gawo lomaliza la funsoli likuwapempha kuti aphatikize `I²R` pa nthawi yonseyo, aone ngati ikufika pa 0.1 J, imene ndi `½mv₀²` ya ndodo pamene inasiyidwa.