Tchaja ndalumikiza koma batire silikukwera

Wandikwiyitsa lero ndi mnyamata wa pashopu ina ku Limbe. Ndangomuuza kuti laputopu ikuyaka koma batire laima pa 23% ngakhale tchaja ili momwemo, iye osaigwira n'komwe: "Batire latha limenelo achemwali, tili nalo latsopano." Wadziwa bwanji? Ndatuluka mtima ukuwawa, chifukwa ndalama ya batire si yoti munthu angoiponya mwachiyerekezo.

Bambo ena achikulire okonza makompyuta pakhonde ndi amene andikhazika pansi. Yanga ndi Dell yakale, batire lake limachotsedwa kunja. Alichotsa, n'kuyatsa laputopu ndi tchaja yokha. Yayaka. Atenganso mita yoyezera magetsi, tchaja yaonetsa pafupifupi 19.5V, monga zalembedwera pamsana pake.

"Ndiyetu tchaja ili bwino, bambo," ndatero.

"Musafulumire mayi. Suzumirani m'kamwa mwa pulagimu."

Pakati pa pulagi pali kasingano kachitsulo. Akuti kameneko sikapatsa laputopu moto, ntchito yake ndi kuiuza kuti tchajayi ndi ya mphamvu zingati, kaya 65W kaya 90W. Kakapindika, kapena waya wake akaduka m'kati mwa chingwe, laputopu imayakabe koma imakana kutchaja batire, nthawi zina n'kumachedwa pogwira ntchito. Abwezera batire, aiyatsanso akudina F2, ndipo mu BIOS, tsamba loonetsa za m'kati mwa laputopu Windows isanatseguke, pamene pamayenera kuoneka mphamvu ya tchaja, palembedwa Unknown. Atalumikiza tchaja yawo, paoneka 65W, batire n'kuyamba kukwera.

Za batire sanafune kulota. Andiuza ndilembe ndekha mu Command Prompt, kawindo kolembamo malamulo mu Windows, kuti patuluke lipoti la batire:

```
powercfg /batteryreport
```

Mu lipotilo mumayerekeza Design capacity, mphamvu imene batire linali nayo lili latsopano, ndi Full charge capacity, imene likutha kusunga pano. Langa likusunga yoposa theka ndithu. Lakalamba, inde, koma lakufa ayi. Akuti lotheratu limathimitsa laputopu mukangozula tchaja, ndipo lotupa ndi loti mulichotse tsiku lomwelo.

Ndimati zathera pompo, koma posuntha laputopu kuti ndione bwino, kanyale ka tchaja kaphethira. Bambowo agwedeza pulagi pang'onopang'ono: kuyaka, kuthima, kuyaka. Ndi tchaja yawo yabwinobwinoyo! Ndiye kuti polowetsa tchaja napo pakhwepa. Akuti ngati kabowoko kali pa kawaya kakekake, kusintha n'kosavuta, koma ngati anakawotcherera pa bolodi ya m'kati mwa laputopu, pafunika dzanja lodekha. Ndipo mwina n'komwe kanayamba kuononga kasingano kanga, moti tchaja yatsopano ingathe kuonongekanso momwemo.

Ndabwera nayo kunyumba osaitsegula. Ntchito ya Lachisanu ili m'menemo, ndipo kuisiya kwa munthu usiku wonse mtima ukukana. Ndigule kaye tchaja, kapena ndiyambe ndi kabowo? Ndalama ilipo ndi ya chimodzi.