Mmene OUND inandigwetsera pa Wordle

Ndakhala masiku awiri ndisanatsegule Wordle, masewera opeza liwu la Chingerezi la zilembo zisanu poyesa kasanu ndi kamodzi, chifukwa cha mkwiyo, ndiye lero ndingofotokoza, mwina wina apulumuka. Ndimasewera nditayatsa Hard Mode. Lamulo lake ndi limodzi basi: chilembo chikatuluka chobiriwira, kusonyeza kuti chili pamalo pake m'yankho, uzichisiya pamalo pomwepo m'mawu onse otsatira, chikatuluka chachikasu, kusonyeza kuti chilimo koma pamalo pena, uzichigwiritsabe ntchito. Ndinkaona ngati ndi uchamuna. Lachiwiri lapitali ndinazindikira kuti ndi diwa lodzitchera wekha.

Ndinali mu minibasi yochokera pa Dedza boma kupita ku Ntcheu, kukuzizira zala osapindika bwino. Ndinayamba ndi STARE monga mwa masiku onse. Timabokosi tonse tisanu totuwa, kusonyeza kuti m'yankho mulibe ngakhale chimodzi mwa zilembozi. Apa ndiye panali pofunika kudekha, chifukwa zonse zikatuwa lamulo lija silikumanga paliponse, ungalembe liwu lililonse. Ine ndinathamangira COULD. O, U ndi D zonse zobiriwira! Ndinamwetulira ndekha mpaka amayi amene ndinakhala nawo pafupi anandiyang'ana.

Chimwemwe chija chinatha tisanafike pa Bembeke. Nditayamba kuwerenga pa zala ndinapeza BOUND, FOUND, HOUND, MOUND, POUND ndi WOUND. ROUND ndi SOUND anali atagwa kale chifukwa R ndi S zinatuwa mu STARE. Mawu asanu ndi limodzi, osiyana chilembo choyamba chokha, pomwe mizere yotsala inali inayi. Ndipo mzere uliwonse ukanatha kufunsa za chilembo chimodzi chokha, poti malo enawo anali atakhomedwa kale. Malo achinayi anali otseguka inde, koma WOULD ikanangoyesa W monga momwe WOUND ikanachitira, komanso yosatheka kukhala yankho chifukwa L inali itatuwa.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mankhwala ake ndinkawadziwa. Liwu ngati WHOMP limanyamula W, H, M ndi P pakamodzi. H ikasanduka yachikasu ndi HOUND, M ndi MOUND, P ndi POUND, W ikabiriwira ndi WOUND. Zinayizo zikatuwa kwatsala BOUND ndi FOUND, mizere itatu ili m'manja. Palibe njira yoluzira. Ndinalilemba, foni n'kundiyankha kuti "2nd letter must be O". Ndinalilembanso kachiwiri ngati kuti isintha maganizo.

Ndiye ndinayamba kuombeza. FOUND, ayi. POUND, ayi. Pa Lizulu minibasi inaima nthawi yaitali, anyamata a mbatata ndi kabichi atadzaza pawindo, ine maso pa zilembo zinayi: B, H, M, W. Kondakitala anandifunsa kawiri ngati ndalandira chenji. BOUND, ayi. Mzere womaliza ndinasankha WOUND poganiza kuti ndi liwu lodziwika kuposa enawo. Yankho linali MOUND. Masiku onse amene ndinapambana motsatizana, kuyambira nyengo ya mvula, anabwerera pa ziro.

Musamasankhe chifukwa choti liwu ndi lodziwika, sizithandiza. Koma cholakwa chenicheni sichinali pa mzere wachisanu ndi chimodzi, chinali pa wachiwiri. Zobiriwira zitatu msangamsanga mu Hard Mode si mwayi nthawi zonse. Musanadine ENTER, dzifunseni kuti liwuli likabiriwira kumapeto, abale ake ndi angati? Akaposa mizere imene itsale, lisiyeni. Pamene simunamangidwe, perekani mzere umodzi ku zilembo zimene zimasiyanitsa abalewo. Ndikanaika WHOMP yomweyo pa mzere wachiwiri, palibe chikanandiletsa, ndipo M ikanaonekera pomwepo.

Ndaiwala kunena: mabanja oterewa ndi ambiri, ndipo ndi bwino kuwasunga m'mutu. La IGHT ndi lalikulu, muli FIGHT, LIGHT, MIGHT, NIGHT, RIGHT, SIGHT, TIGHT ndi EIGHT. La ATCH muli BATCH, CATCH, HATCH, LATCH, MATCH, PATCH ndi WATCH. Pena chilembo chosinthacho chimakhala pakati, monga SHADE, SHAKE, SHAME, SHAPE, SHARE ndi SHAVE. Mukaona U ndi N zayamba kuoneka, kapena G ndi H, werengani abale kaye musanatseke chitseko.

Madzulo ndinatumiza zotsatira zanga pa gulu la abale, X/6 ndi kanyenyezi kake kosonyeza Hard Mode. Mlongo wanga wamng'ono, amene amasewera wamba, anapeza pa mzere wachinayi. Anangolemba kuti, "Achimwene, kanyenyeziko mudyera nsima?" Sindinamuyankhe. Hard Mode sindinazimitse, koma COULD pa mzere wachiwiri sindidzailembanso ndisanawerenge pa zala.