Mawu ochedwa pa saundiba: pomwe ndafika

Zida zanga zalumikizidwa motere: kabokosi koonera makanema a pa intaneti kalowa mu saundiba, sipika yaitali yoika pansi pa tivi, pa khomo lolembedwa HDMI IN, ndipo chingwe china chachoka pa HDMI OUT kupita ku tivi. Chithunzi chimangodutsa mu saundiba, mawu amatsalira momwemo. Vuto lomwe ndakhala ndikulimbana nalo ndi lakuti munthu pa kanema amatsegula pakamwa, mawu n'kubwera pambuyo. Pa mpira sizidziwika kwenikweni. Koma wowerenga nkhani akayang'ana kamera n'kutchula mawu okhala ndi "p", "b" kapena "m", milomo imatsekeka n'kutsegukanso mawuwo asanamveke, ndipo ukangoziona kamodzi maso sachokanso pa milomopo.

Mnzanga wina atabwera anati, "Achimwene, imeneyo ndi netiweki basi." Ayi ndithu. Mawu ndi chithunzi zimafika m'kabokosi chilichonse chili ndi chizindikiro cha nthawi yake, ndipo kabokosi kamazitulutsa mogwirizana. Netiweki ikafooka kanema amaima kapena chithunzi chimachita chimbuuzi. Kuchedwa komwe kumakhala kofanana kuyambira pa chiyambi cha filimu mpaka pa mapeto kumabadwira m'nyumba mwanu momwemo, pambuyo pa kabokosi.

Chinthu choyamba chomwe dzanja limathamangira ndi Audio Delay, ena amalemba AV Sync, pa rimoti ya saundiba. Pa vuto ili batani limenelo lilibe ntchito. Pa saundiba yanga limayambira pa 0 n'kumakwera, ndipo chomwe limachita ndi kusunga mawu kanthawi kuti adikire chithunzi. Linapangidwira vuto lotembenuka, pomwe tivi ndi imene ikuchedwa kukonza chithunzi ndipo mawu atsogola. Saundiba singatulutse mawu omwe sinamalize kuwakonza. Choncho ngati mawu ndi amene akutsalira, njira zilipo ziwiri zokha: kuchepetsa ntchito yomwe saundiba ikugwira pa mawuwo, kapena kuchedwetsa chithunzi. Langa ndinalisiya pa 0.

Kuyeza ndi khutu kunanditopetsa, chifukwa ukasintha kanthu kamodzi mtima umayamba kukunamiza kuti zakhalako bwino. Ndinapanga kakanema koyesera pa kompyuta ndi pulogalamu ya ffmpeg: mdima wokhawokha, ndipo pa sekondi iliyonse fulemu imodzi yoyera, kutanthauza chimodzi mwa zithunzi zomwe zimapanga kanema, ikuthwanima limodzi ndi kaphokoso kakafupi.

```
ffmpeg -f lavfi -i "color=black:s=1280x720:r=25:d=60,drawbox=c=white:t=fill:enable='eq(mod(n,25),0)'" \
 -f lavfi -i "aevalsrc='sin(2*PI*1000*t)*lt(mod(t,1),0.04)':s=48000:d=60" \
 -c:v libx264 -pix_fmt yuv420p -c:a eac3 -ac 2 sync.mkv
```

Mawu ndinawaika dala mu eac3, yomwe ndi Dolby Digital Plus, poti ndi mtundu womwe mapulogalamu ambiri oonera mafilimu amatumiza. Kakanemako ndinakaseweretsa pa kabokosi, n'kujambula tivi ndi foni pa mafulemu 60 pa sekondi nditakhala pampando womwe ndimaonerapo. Ndikatsegula zojambulazo mu pulogalamu yodulira makanema, ndimapeza fulemu yomwe kuwala kwayamba, kenako n'kuwerenga mafulemu mpaka pomwe mzere wa mawu wadumpha. Fulemu imodzi ndi mamilisekondi pafupifupi 17. Musanakhulupirire foni yanu, jambulani kaye munthu akuomba m'manja pafupi, muone ngati phokoso likugwera pa fulemu yomwe zikhatho zakumana, chifukwa foni nayo ikhoza kukhala ndi kuchedwa kwakekwake.

Muyeso woyamba unatuluka mafulemu 9, kutanthauza mamilisekondi 150. Pa nambala imeneyi, pafupifupi 9 ndi a mpweya chabe: mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, ndipo mpando wanga uli mamita atatu kuchokera pa saundiba. Amenewo sindiwerengera aliyense mlandu.

Nambala ya 150 inandifotokozera chifukwa chake zinkandisowetsa mtendere. Bungwe la ITU, loona za mauthenga pa dziko lonse, mu malangizo ake a BT.1359, limati anthu amayamba kuzindikira kusiyana mawu akatsogola ndi mamilisekondi pafupifupi 45, koma akachedwa amayamba kuzindikira pa 125. Ubongo umalekerera mawu ochedwa chifukwa ndi zomwe unazolowera: munthu akamawaza nkhuni kutsidya kwa dambo, umaona nkhwangwa itagwa kale, phokoso n'kufika pambuyo. Ndiye ngati mukuona ndi maso kuti mawu akutsalira, dziwani kuti kuchedwako si kwa masewera, kwadutsa kale pa 100. Ubwino wake ndi wakuti simukufunika kufika pa 0. Kungotsika bwino pansi pa malirewo n'kokwanira.

Ndinayambira ku kabokosi. Mu zokonzera mawu munali posankha pakati pa Auto, Passthrough ndi PCM, ndipo kanali pa Passthrough. Apa kabokosi sikakhudza mawu, kamawatumiza ali opanikizidwa momwe abwerera, ndipo saundiba ndi imene imawamasula. Kumasulako kumafuna kuti iyambe yasonkhanitsa timagawo ta mawu isanatulutse kanthu, pomwe chithunzi chadutsa kale ulendo wa ku tivi. Kabokosi sikadziwa kuti ntchitoyo itenga nthawi yaitali bwanji. Mukasankha PCM, kabokosi kamamasula kokha mawuwo, n'kuwagwirizanitsa ndi chithunzi zisanatuluke, ndipo saundiba imalandira zophikaphika. Nditasintha, mafulemu anatsika kuchoka pa 9 kufika pa 6. Mtengo wake ulipo: pa kabokosi kanga, PCM imatanthauza kuti chizindikiro cha Dolby Atmos, mawu aja omveka ngati akuchokeranso kumwamba, sichiyakanso. Pa saundiba yopanda masipika oloza kudenga ngati yangayi, sindinamve kuti ndataya kanthu.

Kenako ndinazimitsa zokometsera mawu za saundiba, zija zonamizira kuti mawu akuchokera kumbuyo ndi zokweza mawu a anthu olankhula, n'kuisiya pa Standard. Apa ndinapindula fulemu imodzi yokha. Zinatsala 5.

Gawo lomwe linandipatsa chidwi kwambiri linali la tivi. Khomo lomwe saundiba yalowa linali pa Game Mode, poti ana amaseweretsa magemu pa kabokosi komweko. Game Mode imadula pafupifupi zonse zomwe tivi imachita pokonza chithunzi, kuti ukadina batani zionekere pompo. Pa magemu ndi zabwino. Pa filimu zikutanthauza kuti chithunzi chikuthamanga kwambiri pomwe mawu akadali m'njira. Palinso china chobisika. Kuyambira pa HDMI 1.3, ya mu 2006, tivi ikhoza kuuza chida chomwe chalumikizidwa nayo kuti imatenga nthawi yakuti pokonza chithunzi, ndipo saundiba yokhala ndi Auto Lip Sync imachedwetsa mawu molingana ndi nambala imeneyo. Tivi ikapereka nambala imodzi yosasintha, ya nthawi yomwe ikukonza chithunzi mokwanira, koma iyo ili pa Game Mode, saundiba imadikirira chithunzi chomwe chinaoneka kale. Njira yodziwira ndi yosavuta: zimitsani Auto Lip Sync n'kuyezanso. Nambala ikatsika, ndiye kuti kudikira kopanda pakeko kunalipo. Kwa ine sinasinthe, ndiye ndinaiyatsanso.

Chomwe chinasintha zinthu ndi kuchotsa tivi pa Game Mode n'kuiika pa Movie. Mafulemu anatsika kuchoka pa 5 kufika pa 1. Saundiba sinafulumire ngakhale pang'ono. Chithunzi ndi chomwe chachedwa ndi mamilisekondi oposa 60, n'kupezana ndi mawu. Poyamba zimamveka ngati kubera, kukonza kuchedwa powonjezera kuchedwa kwina, koma pa filimu palibe amene amadziwa kuti zonse ziwiri zafika mochedwa, bola zifike limodzi. Chenjezo limodzi: tivi zina zili ndi ALLM, yomwe imalola chida cholumikizidwa kuyatsa Game Mode pachokha. Mukaona kuti vuto labwerera musanakhudze kalikonse, yang'anani kumeneko.

Pomwe ndili pano ndi apa: PCM pa kabokosi, Standard pa saundiba, Audio Delay pa 0, Movie pa tivi, ndipo mawu akuchedwa ndi fulemu imodzi, theka lake ndi mtunda wa kumpando. Wowerenga nkhani uja tsopano milomo ndi mawu zikugwirizana.

Ndinayesakonso kulumikiza mwa njira inayo, kabokosi kulowa mu tivi, mawu n'kubwerera ku saundiba kudzera pa ARC, njira yobwezera mawu a tivi pa chingwe cha HDMI. Pa zida zanga zinaipiraipira, makamaka Digital Audio Out ya tivi ili pa Auto, chifukwa pamenepo tivi ikhoza kumasula mawu, kuwapanikizanso, kenako saundiba n'kuwamasulanso kachiwiri. Pa Passthrough zinachepako koma sizinafike pomwe ndinali. Tivi yanga ili ndi ARC yakale ija inabwera ndi HDMI 1.4 mu 2009. Amene muli ndi eARC mbali zonse ziwiri, ARC yatsopano ya HDMI 2.1 ya mu 2017, muyeseko njirayi, poti mu eARC kugwirizanitsa mawu ndi milomo ndi lamulo, si kufuna kwa wopanga. Za Bluetooth sindinatayirepo nthawi, imawonjezera kuchedwa kwake pamwamba pa zonsezi.

Kwa amene simukufuna kutaya Atmos, chotsala ndi kuchedwetsa chithunzi kuchokera ku kabokosi, chifukwa ndi kokhako komwe kagwira mawu ndi chithunzi zisanasiyane njira. Kabokosi ka Fire TV kali ndi AV Sync Tuning mu zokonzera mawu, ndipo mu pulogalamu ya Kodi muli Audio offset yomwe imapita mbali zonse ziwiri. Kabokosi kanga kalibe chosinthira chogwira mapulogalamu onse, n'chifukwa chake ndadzera njira yaitaliyi.

Zotsala ndi ziwiri. Pulogalamu imodzi yoonera tivi ya pompopompo imayamba bwino, koma pakapita nthawi mawu amanka natsalira, ndipo ndikaimitsa n'kuyambiranso zimabwerera m'malo. Kuchedwa komakula chonchi si kwa saundiba, chifukwa kwa saundiba sikusuntha, ndiye ndikukayikira pulogalamuyo. Chachiwiri, kakanema kanga ndi ka mafulemu 25 pa sekondi, pomwe mafilimu ambiri ndi a 24, ndipo tivi ikhoza kutenga nthawi yosiyana pa liwiro lililonse kabokosi kakamasintha liwiro motsatira filimu. Ndipanga kena posintha `r=25` kukhala `r=24` ndi `mod(n,25)` kukhala `mod(n,24)`, ndiyeze kawiri, kusintha liwiroko kuli koyatsa komanso kuli kozimitsa.