Voisi ya amayi inakana kutseguka, ndipo vuto silinali netiweki

Ngati voisi ya pa WhatsApp ikukana kutseguka koma mameseji olemba akulowa bwinobwino, musathamangire kwa okonza mafoni. Yambani mwaona ngati foni yanu sinadzaze. Ndikunena izi mtima usanatsike, chifukwa ine ndinataya tsiku la ntchito ndi K3,000 pa chinthu chimene ndikanachikonza ndili pa mkeka kunyumba.

Amayi anga ali kumudzi ku Ntcheu, ine ndili ku Lilongwe. Iwo kulemba pa foni satha, ndiye amene amatilumikiza ndi mdzukulu wawo, mwana wa achemwali anga. Nthawi zambiri iye amangolemba kuti agogo akupereka moni, ali bwino, basi. Koma tsiku limenelo kunabwera voisi m'bandakucha, ya mphindi ziwiri ndi kanthu, popanda liwu lililonse lolembedwa. Amene muli ndi makolo okalamba kumudzi mukudziwa mmene mtima umagundira uthenga ukafika nthawi imeneyo.

Voisi nthawi zonse imadzilowera yokha m'foni, iwe umangodina kachizindikiro koyimbira. Iyi inali ndi kamuvi koloza pansi, kusonyeza kuti mawuwo anali asanafike. Ndikadina, kanali kuzungulirazungulira kenako n'kulemba kuti "Download failed". Ndinayesa kuimba, foni ya mdzukuluyo inali yothima, pajatu amakatchajitsa kumsika. Ndinaganiza kuti bandulo yatha, ndinagula ina. Sizinasinthe. Apa dziwani kuti voisi sidya bandulo yambiri, ya mphindi imodzi sifika ngakhale theka la MB, ndiye ngati meseji yolemba ikupita ndipo bandulo ilipo, kugula ina n'kungotaya ndalama.

Tsono munthu wokonza mafoni uja. Ndinafika pa kabenchi kake m'mawa, iye n'kuitembenuza foni, n'kunena kuti ndiisiye ndibwere masana. Sanandifunse n'komwe kuti ikulemba chiyani. Ndinamuuza kuti achimwene, muli uthenga wa amayi umu, mwina kumudzi kwagwa zovuta, iye n'kungoti osadandaula bwana. Ndinakhala pakhonde la sitolo ina dzuwa likuswa mtengo, ndilibe foni, ndikuganiza za maliro amene mwina kulibe. Nditabwerera anati foniyo ili ndi vairasi, ikufunika kufulasha, koma ndiyambe ndalipira yoiona. Kufulasha! Kumeneko ndi kupukuta zonse za m'foni, ndipo ngati macheza ako sunawasunge kwina, amapita onse, pamodzi ndi voisi imene ndinkaifunayo. Ndinakana, ndinalipira ya kuona ija chifukwa foni inali m'manja mwake, n'kuchoka. Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti munthuyo anangofunika kutsegula malo amodzi n'kuona nambala. Kaya sankadziwa, kaya ankafuna ya kufulasha, zonsezo n'zolakwika kwa munthu amene wakhala pa benchi n'kumalandira ndalama za anthu.

Amene anandithandiza ndi mtsikana wina wa kuntchito kwathu, ulere. Anatsegula WhatsApp, n'kupita pa Settings, kenako Storage and data, kenako Manage storage. Pamwamba pali kamzere kosonyeza malo amene atsala m'foni, ndipo kanga kanali kodzaziratu. Pansi pake pali gawo lolembedwa "Larger than 5 MB" ndi lina la "Forwarded many times". Mmenemo munali mavidiyo a m'magulupu, a kutchalitchi, a mpira, a ukwati wa anthu amene sindiwadziwa n'komwe, ena obwera kawiri katatu. Tinafufuta akuluakulu okha, ndinabwerera pa voisi ija, n'kudina kamuvi, pompo inalowa. Meseji yolemba ndi kanthu kakang'ono, imapeza pokhala ngakhale foni itatsala pang'ono kudzaza, koma mawu amafuna malo awoawo. Anandiuzanso kuti malo akakhalapo koma zikukanabe, ndione tsiku ndi nthawi ya pa foni, chifukwa zikasokonekera zinthu zimakananso kulowa. Ndipo pa Storage and data pomwepo, pamene palembedwa "When using mobile data", chotsani kachongi pa Videos kuti mavidiyo asamadzilowere okha.

Ndaiwala kunena: musaitsegule voisi ya kumudzi pa sipika muli pagulu. Dinani koyimbira, kenako ikani foni kukhutu ngati mukuyankha munthu. Sikirini imathima yokha ndipo mawu amatulukira pa kasipika kakang'ono ka pamwamba, mumamva nokha. Ena amadabwa kuti voisi ikangoyamba sikirini ikuda ndipo mawu akutsika, amayesa sipika yafa. Ayi, ndi chala chanu kapena chikuto cha foni chimene chaphimba pamwamba paja, foni n'kumaganiza kuti ili kukhutu. Ndipo ngati mawu ali otsika, kwezani voliyumu voisi ikuyimba, chifukwa pa mafoni ena mukakweza isanayambe mumangokweza kulira kwa foni.

Ndinatuluka panja, n'kuika kukhutu. Poyamba kunamveka mdzukulu uja chapansipansi, agogo yankhulani yayamba. Kenako amayi anakonza kukhosi, n'kunditchula ndi mfunda, osati dzina la kusukulu. "Mwadzuka bwanji kumeneko, bambo?" Ndiye anakhala chete. Anandisiyira mpata woyankha, ngati ndakhala nawo pakhonde, ndipo mu mpata umenewo ndinamva tambala ndi munthu akusesa pabwalo. Kenako anapitiriza okha, "Ife tadzukako." Anafunsa za apongozi awo, anafunsa ana mmodzimmodzi, aliyense ndi dzina lake, osathamanga.

Pamene ankamaliza moniyo ndinali nditadziwa kale kuti kulibe maliro. Kwathu ngakhale wobweretsa uthenga wa zovuta amayamba ndi moni, koma moni wake umakhala waufupi, wolemera, mawu amagwera pansi. Pa meseji yolemba simungasiyanitse, "muli bwanji" wa maliro ndi "muli bwanji" wa chinkhoswe amaoneka chimodzimodzi. Koma ndinamvanso china chimene mdzukulu sakanalemba. Iye akanati ali bwino. Amayi anati tadzukako, ndipo pakati pa mayina a ana ankapuma motalika, chifuwa chikulira. Nkhani imene anatumizira voisiyo inali ya feteleza wa chaka chino, koma ine nditamaliza kumvera, chimene ndinayamba kufunafuna ndi ndalama yoti apite kuchipatala.

N'chifukwa chake kabatani kofulumizitsa kaja, kolembedwa 1x, 1.5x ndi 2x, musakakhudze pa voisi ya munthu wamkulu. Ndikudziwa kuti ena mumati moni wa akuluakulu ndi wautali, mumathamangitsa kuti mufike pa nkhani. Pa 2x kupuma kuja kumasowa, kutsokomola kumangodutsa, ndipo mumamva mawu okha ngati mmene mukanawerengera. Komanso samalani, mukasiya pa 2x kwa mnzanu, voisi yotsatira imayambanso pa 2x, ndiye bwezerani pa 1x musanatsegule ya kumudzi.

Mukamvera, kamaikolofoni ka pa voisiyo kamasanduka kobiriwira ngati mtambo kumbali ya wotumiza. Mdzukulu anadzandiuza kuti foni itabwera kotchajitsa, agogo ankamufunsa pafupipafupi ngati kasintha. Ndinawayankha ndi voisi inenso, ndinayamba ndi "Ndadzuka bwino amayi, kaya inu anzathu kumeneko", ndipo ndinawafunsa za chifuwacho ndisanafike pa feteleza. Masiku ano Loweruka lililonse ndimatsegula Manage storage n'kufufuta mavidiyo. Inunso onani kamzere kaja foni isanakane, ndipo wina akatchula zofulasha chifukwa cha voisi imodzi, tengani foni yanu muzipita.